Malire a 95 peresenti ndi nambala ya p: kawerengedwe ka lipoti la kafukufuku

Lipoti la kafukufuku likafika m'manja, kaya ndi la mbewu, la mankhwala kapena la kaphunzitsidwe, maso a ambiri amathamangira pa kachilembo ka p. Nambala yake ikachepera 0.05 amati zatheka, ikaposa amati mulibe kanthu. Langizo langa ndi lakuti muziyamba mwaona manambala awiri amene amalembedwa pambali pa chizindikiro cha 95% CI. Amenewa ndi malire, a m'munsi ndi a m'mwamba, ndipo amakuuzani zambiri kuposa p. Vuto ndi lakuti nawonso anthu amawamva molakwika, ngakhale ophunzira kumene.

Tiyerekeze kuti ofufuza akufuna kudziwa ngati mbewu yatsopano imabereka kuposa yakale. Atenga minda 100, ndipo mwa maere minda 50 yalandira yatsopano, ina 50 yakale. Pokolola apeza kuti avereji ya yatsopano yaposa ya yakale ndi makilogalamu 120 pa hekitala. Koma minda siibereka mofanana ngakhale mbewu ikhale imodzi. Tinene kuti m'gulu lililonse zokolola zamwazikana ndi makilogalamu 250, nambala imene malipoti amailemba kuti SD. Kuchokera pamenepo timapeza SE, yomwe imasonyeza mmene 120 uja angasinthire kafukufukuyu atabwerezedwa pa minda ina. Pofuna malire a 95 peresenti timachulukitsa SE ndi 1.96, kenako n'kuchotsa komanso kuwonjezera yankholo pa 120:

```
SE = sqrt(250^2/50 + 250^2/50) = 50
120 - 1.96*50 = 22
120 + 1.96*50 = 218
```

Choncho malire athu ayambira pa makilogalamu 22 kulekeza pa 218. (Minda ikakhala yochepa kwambiri, m'malo mwa 1.96 pamalowa nambala yokulirapo yochokera pa tebulo la t.)

Tsono 95 peresenti ija ndi ya chiyani? Ambiri amayankha kuti pali mwayi wa 95 pa 100 woti kusiyana kwenikweni kuli pakati pa 22 ndi 218. Yankholi limamveka bwino, koma si zimene masamuwa amalonjeza. Jerzy Neyman, amene anafotokoza njirayi mwatsatanetsatane mu 1937, anaika lonjezo pa njira yowerengera, osati pa malire amene atuluka lero. Kusiyana kwenikweni kwa mbewu ziwirizi ndi nambala imodzi yosasuntha, kungoti sitikuidziwa. Chimene chimasuntha ndi malire. Zili ngati kuponya mkombero pa chikhomo chozikika mumdima: woponyayo amakola maulendo 95 pa 100 alionse, koma mkombero umene waponyedwa kale, mwina wakola kapena waphonya, ndipo inu simukuona. Kafukufuku yemweyu atachitidwa kambirimbiri, nthawi iliyonse pa minda ina, malire angamatuluke osiyanasiyana, ndipo pafupifupi 95 mwa 100 alionse angakhale ndi nambala yeniyeniyo mkati. Asanu otsalawo angaiphonye, ndipo palibe chizindikiro chilichonse pa pepala chokuuzani kuti anuwa ali m'gulu liti.

Pali kulakwitsa kwina komwe kumapweteka kwambiri kuposa kumeneku. Mlangizi amauza mlimi kuti minda 95 mwa 100 idzapindula ndi makilogalamu a pakati pa 22 ndi 218. Ayi ndithu. Malirewa akunena za avereji ya minda yonse, osati za munda wa munthu mmodzi. Kumbukirani kuti minda imamwazikana ndi 250, ndiye padzakhala alimi ambiri ndithu obzala yatsopano amene adzakolole zochepa kuposa anzawo obzala yakale.

Nanga p? Iyo imayankha funso limodzi lokha, lopapatiza. Imayamba ndi kuyerekeza kuti mbewu ziwirizi sizisiyana konse, kenako n'kufunsa kuti: zikanakhala choncho, kodi kusiyana kofika 120 kapena kuposa, mbali iliyonse, kukanaoneka kangati chifukwa cha maere okha? Tikagawa 120 ndi 50 tipeza 2.4, ndipo 2.4 amapereka p wa 0.016. Ndiye kuti pa kafukufuku 1,000 wotere, pafupifupi 16 akanaonetsa kusiyana kwakukulu chonchi. Musatembenuze chiganizochi n'kunena kuti mwayi woti mbewuzi ndi zofanana ndi 16 pa 1,000. Nambala ya p yawerengedwa titavomereza kale kuti ndi zofanana, ndiye singabwererenso kudzatiuza mwayi wa chinthu chimene yaimapo. Bungwe la akatswiri a masamu a kafukufuku la ku America linachita kutulutsa chikalata mu 2016 chochenjeza za kulakwitsa kumeneku.

Malire ndi p ndi zapachibale, pakuti zimachokera pa manambala amodzimodzi. Ziro akakhala kunja kwa malire a 95 peresenti, p imachepera 0.05. Mutafuna malire a 99 peresenti mungachulukitse SE ndi 2.58, ndipo angayambire pa −9 kufika pa 249. Ziro walowa mkati tsopano, zomwe zikugwirizana ndi zoti 0.016 ndi wamkulu kuposa 0.01. Mbewu ndi yomweyo, minda ndi yomweyo, changosintha ndi muyezo umene tasankha.

Apa ndi pamene malire amaposera p. Tinene kuti mbewu yatsopanoyi ndi yodula, moti mlimi amabweza ndalama zake pokhapokha zokolola zikakwera ndi makilogalamu 100 pa hekitala. Nambala ya p yangotiuza kuti n'zovuta kukhulupirira kuti kusiyana ndi ziro. Koma mlimi sakufunsa za ziro, akufunsa za 100. Mukayang'ana malire muona kuti 22 ali mkati, 60 ali mkati, 200 alinso mkati. Zotsatirazi zikugwirizana ndi phindu lalikulu, komanso zikugwirizana ndi kuluza. Chonena chachilungamo ndi chakuti mbewuyi ikuoneka kuti imabereka kuposa yakale, koma sitinatsimikize kuti imabweza mtengo wake.

Onaninso kafukufuku wina amene wapeza 120 yemweyo koma pa minda yosiyana kwambiri, SD ya 500. Pamenepo SE ndi 100, malire ndi −76 mpaka 316, ndipo p ndi 0.23. Wongoona p alemba kuti mbewuzi sizisiyana. Koma malire ofika 316 sangakhale umboni woti palibe kusiyana. Akungosonyeza kuti kafukufukuyu analibe mphamvu zoyankha funsolo. Wachitatu, wa minda yambirimbiri, wapeza kusiyana kwa makilogalamu 10 okha ndi SE ya 4: malire ndi 2 mpaka 18, p ndi 0.012. Nambala ya p ndi yokongola kuposa zonse, komabe ngakhale malire a m'mwamba ali kutali ndi 100. Mwa atatuwa, uyu yekha ndiye wapereka yankho lomveka, ndipo yankholo ndi lakuti musagule.

Malire akatambasuka kwambiri, mankhwala ake ndi kuwonjezera minda, koma dziwani kuti pofuna kuwachepetsa ndi theka pamafunika minda yochuluka kanayi. Ndipo musanakhulupirire manambala onsewa, funsani mmene minda inagawidwira. Ngati mbewu yatsopano inapita kwa alimi a nthaka yachonde kapena amene amapalira msanga, 120 uja ndi wa nthaka ndi khasu, osati wa mbewu. Malire ndi p amawerengera kusinthasintha kobwera ndi maere kokha. Sikelo yonama kapena kusankha minda mokondera saziona, ndipo kuwonjezera minda kumangopanikiza malirewo pa nambala yolakwika.