Momwe mungawerengere tebulo la mvula ya Lilongwe osapusitsidwa ndi manambala

Mukafufuza nyengo ya Lilongwe pa intaneti, mupeza tebulo la miyezi 12, mwezi uliwonse ndi nambala yake, kenako mawu akuti dzinja limayamba mu Novembala n'kutha mu Epulo. Zonsezi n'zoona. Koma wina akadalira mawu amenewa n'kukwirira mbewu yake pa 1 Novembala, kawirikawiri amakagulanso ina. Tebulolo silinanamize munthu. Vuto ndi kawerengedwe kake. Nazi njira zoti mutsate.

Choyamba: dziwani kuti milimita imodzi ndi madzi ochuluka bwanji

Mvula imayezedwa m'mamilimita, ndipo pa tebulo amalemba mm. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi yogwera pa malo otalika mita imodzi, m'lifupi mita imodzinso. Masamba ena, makamaka a ku America, amalemba mainchesi. Inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho mukaona 8 pa Januwale musaganize kuti ku Lilongwe kwasanduka chipululu.

Januwale wa ku Lilongwe amalandira mamilimita opitirira pang'ono 200. Ngati denga la nyumba yanu ndi la mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, milimita iliyonse ikupatsani malita 60. Mwezi wonse ndi malita 12,000, kapena kuti migolo 60 ya malita 200. Nambala ija tsopano mwaigwira m'manja.

Chachiwiri: funsani kuti anayeza kuti, zaka ziti

Bungwe la zanyengo la dziko lonse limati avereji yodalirika ikhale ya zaka 30, ndipo yomwe ikugwiritsidwa ntchito panopa ndi ya 1991 mpaka 2020. Matebulo ambiri akadali ndi manambala a 1961 mpaka 1990. Komanso dzina loti Lilongwe likhoza kutanthauza choyezera mvula cha ku Chitedze kapena cha ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, malo otalikirana ndithu. Ena sayeza n'komwe pansi, amangoyerekeza ndi masetilaiti ndi makompyuta. N'chifukwa chake matebulo awiri a mzinda umodzi amasiyana. Tebulo losanena malo ndi zaka, ine ndimaliwerenga mokayika.

Chachitatu: onani maonekedwe a chaka chonse

Pa chaka Lilongwe amalandira mamilimita pakati pa 800 ndi 900. Gawo lalikulu kwambiri limagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene lamba wa mvula, womwe umayenda motsatira dzuwa, wafika kwathu kuno, mothandizidwa ndi mpweya wachinyontho wochokera ku Congo. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala kumakhala kuli gwa. Apa palibe chovuta. Zovuta zili m'mphepete mwa dzinja, miyezi ya Novembala ndi Epulo.

Chachinayi: musakhulupirire avereji ya Novembala

Matebulo ambiri amapatsa Novembala mamilimita pakati pa 50 ndi 70. Tiyeni titenge 60. Tiyerekeze, manambala awa ndangopeka kuti timvetsetsane, kuti zaka zisanu zinalandira 10, 25, 40, 75 ndi 150. Mukaphatikiza mupeza 300, mukagawa ndi zisanu mupeza 60 uja. Koma taonani: zaka zitatu mwa zisanu sizinafike pa 60, ndipo palibe chaka ngakhale chimodzi chomwe chinalandira 60 weniweniyo. Chaka chimodzi cha chimvula ndicho chakokera nambala m'mwamba. Ngati mutapeza manambala a chaka ndi chaka, asanjeni kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu n'kutenga yapakati. Pano ndi 40, ndipo imeneyi ndiyo ikufanana ndi Novembala amene mungakumane naye.

Pali chinanso chomwe tebulo limabisa. Novembala si mwezi umodzi kwenikweni. Masabata awiri oyamba amafanana ndi Okutobala, kutentha ndi fumbi, pamene mvula yambiri ya mweziwu imakonda kugwa cha kumapeto. Komanso dzuwa la nthawi imeneyi limatha kuumitsa mamilimita 5 kapena kuposerapo tsiku limodzi. Mvula ya mamilimita 10 yogwa masana imakhala itatha m'nthaka pakadutsa masiku awiri kapena atatu.

Ngati tebulo lili ndi mzere wa masiku a mvula, ugwiritseni ntchito. Mamilimita 60 ogwa masiku asanu ndi limodzi si ofanana ndi 60 ogwa usiku umodzi, omwe ambiri amangothamangira mu mtsinje wa Lingadzi. Chenjerani kokha kuti ena amawerenga tsiku la mvula kuyambira pa 0.1, ena pa milimita imodzi, ndiye masiku a mizinda iwiri musawayerekeze musanaone zimenezi.

Chachisanu: siyanitsani mvula yoyamba ndi kuyamba kwa dzinja

Makolo athu anazisiyanitsa kalekale. Mvula ija imagwa mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, n'kuzimitsa malo omwe anatenthedwa, amaitcha chizimalupsa, ndipo mlimi wodziwa sabzala nayo. Akatswiri a nyengo amachitanso chimodzimodzi, koma ndi manambala. Muyeso umodzi womwe umagwiritsidwa ntchito kwambiri kum'mwera kwa Africa umati dzinja layamba pakagwa mamilimita 25 m'masiku 10, kenako ena osachepera 20 m'masiku 20 otsatira.

Werenganinso muyeso umenewo. Ukutanthauza kuti tsiku lenileni loyambira dzinja limatsimikizika patadutsa pafupifupi masabata atatu. Palibe amene angakuuzeni pa tsikulo kuti lero ndiye layamba.

Ndiye mawu akuti “Novembala mpaka Epulo” muwamve motere: ku Lilongwe mvula yobzalira imakonda kukhazikika kuyambira cha pakati pa Novembala mpaka masiku oyambirira a Disembala, ndipo chaka china imachedwa kuposa apo. Kum'mwera imafulumira, kumpoto imachedwerako. Epulo naye walowa m'dzinja chifukwa cha mvula yotsiriza yapatalipatali. Kwa chimanga cha ku Lilongwe, musawerengere Epulo ngati mwezi wathunthu wa mvula. Ku Nkhata Bay nkhani yake ndi ina, kumeneko Malichi ndi Epulo ndiyo miyezi ya mvula yamphamvu.

Masiku omwewa amagwira ntchito mosiyana malinga ndi chomwe mukufuna. Wofolera nyumba, wowotcha njerwa kapena wokonza ukwati wapabwalo aziopa mvula yofulumira, choncho amalize Okutobala asanathe. Wobzala aziopa mvula yonamiza, choncho adikire nthaka inyowe mokwanira.

Chachisanu ndi chimodzi: kumbukirani ng'amba ya pakati pa dzinja

Febuluwale pa tebulo amaoneka wonona, pafupifupi ngati Januwale. Koma mu Febuluwale 2024, chaka cha El Niño, madera ambiri a m'dziko muno anakhala masabata angapo opanda mvula, chimanga chikufuna kumasula ngayaye, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anakhuthula chimvula choopsa ku Blantyre ndi madera ozungulira m'masiku ochepa chabe. Zaka ziwiri zotere zikalowa mu avereji zimafafanizana, n'kutsala nambala yooneka yofatsa.

Choncho tebulo liziyenda limodzi ndi ulosi wa chaka chimenecho. Nthambi yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo imalengeza ulosi wa dzinja lisanayambe, ndipo mkati mwa dzinja imatulutsa malipoti a masiku 10 alionse. Akamati mvula idzakhala yochepera kapena yoposa mlingo wake, mlingowo ndi avereji ya zaka 30 ija, ndipo akunena za miyezi ingapo pamodzi, osati sabata yomwe inu mukufuna kubzala.

Za sabata imeneyo mudziyezere nokha. Pezani chitini chowongoka m'mbali, chofanana kukamwa ndi kunsi komwe, muchiike pamtetete kutali ndi mitengo ndi madenga. M'mawa uliwonse nthawi yomweyomweyo, lowetsani lula, lembani mamilimita m'kope, tayani madziwo. Mukafika pa 25 m'masiku 10, kumbani pamzere ndi khasu muone ngati chinyontho chatsikadi pansi, kenako mumve kaye ulosi wa masiku akubwerawo musanatsegule thumba la mbewu.