Mutu wodzuka nawo m'mawa nthawi yachisanu: yang'anani kaye mbaula

Juni ndi Julayi akafika kuno ku Mchinji, mphepo ya mwera imalowa mpaka m'mafupa, ndipo anthu ambiri timachita chinthu chimodzimodzi. Tikamaliza kuphika nsima madzulo, makala otsala pambaula timawalowetsa m'nyumba kuti ana aothe. Chitseko timatseka, mphepete mwa zenera timatsekera zisanza, ena mpaka tizibowo ta mpweya ta pamwamba pa zenera amatimata ndi makatoni. Kukacha, mayi akuti mutu ukuwawa, mwana wina akuchita mseru, bambo adzuka ofooka ngati sanagone. Ambiri amathamangira kugolosale kukagula Panado, ena amayamba kuganiza za malungo, ndipo mbaula imatulutsidwa panja popanda woiganizira.

Pali chikhulupiriro china chimene ndimachimva m'midzi yambiri, ndipo chimaoneka chanzeru ndithu. Anthu amati makala uziyatsira panja, udikire utsi uthe, akayaka psuu ndiye ulowetse, pamenepo palibenso vuto. Zoona, utsi woyabwa m'maso umatha. Koma makala ofiira aja amapitiriza kutulutsa mpweya wina wotchedwa kaboni monokisaidi, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa ndiponso suliza misozi. Utsi wa nkhuni umakuthamangitsa wokha chifukwa maso amakana. Mpweya wa makalawu sukuchenjeza, umangokugonetsa. Ndipo umatuluka wambiri pamene moto ukusowa mpweya wabwino woyakira, monga mmene zimakhalira m'chipinda chotseka, kapena makala akafotseredwa ndi phulusa kuti afike m'mawa.

Zimene zimachitika m'thupi ndi izi. Magazi athu amanyamula mpweya wa okisijeni kuchoka m'mapapo kupita ku ubongo, kumtima ndi ziwalo zonse. Kaboni monokisaidi akalowa m'mapapo amakakamira pamalo pomwe okisijeni amayenera kukhala, ndipo amagwira mwamphamvu kuposa okisijeniyo nthawi zopitirira 200. Munthu amapuma bwinobwino, chifuwa chikukwera n'kutsika, koma magazi akuyenda ndi katundu wolakwika. Ubongo ndiwo umayamba kudandaula, n'chifukwa chake chizindikiro choyamba chimakhala mutu, kawirikawiri pamphumi, wolemera kapena wogunda. Kenako pamabwera chizungulire, mseru, kusanza, miyendo kulefuka, maganizo kusokonekera. Zikapitirira munthu amakomoka, ndipo amene ali m'tulo akhoza kupitira momwemo osadzukanso.

Tsono mungadziwe bwanji kuti mutu wanu ndi wa mpweya, osati matenda ena? Ndifotokoze ndi banja lina limene ndinalichezera m'nyengo yozizira, la anthu asanu ogona m'nyumba ya njerwa zowotcha, ya malata, ya chipinda ndi pabalaza. Mayi wa m'nyumbamo anali atapita kale kuchipatala ndi mwana wamng'ono, anayezedwa malungo pachala, onse sanawapeze nawo. Koma mutu sunkasiya. Nditafunsa kuti umayamba nthawi yanji, anati amadzuka nawo, ndipo akapita kudimba kapena kumjigo, pofika nthawi yophika nkhomaliro umakhala utatha wokha. Ndinafunsanso ngati ena m'nyumbamo akumva chimodzimodzi. Apa m'pamene anakumbukira kuti ana awiri ogona pabalaza ndiwo amadandaula kwambiri, pamene mnyamata wamkulu, wogona kugowelo, alibe vuto lililonse ngakhale amadya mbale imodzi ndi anzake. Thupi silinkatentha aliyense. Titalowa pabalaza, pakona panali chizindikiro chakuda pasimenti pamene mbaula imakhala, pafupi ndi mphasa ya ana, ndipo tizibowo tonse ta mpweya tinali totsekedwa ndi mapepala a thumba la simenti.

Mfundo zinatithandizazo ndi zomwe inunso mungadzifunse. Mutu wagwira anthu angapo a m'nyumba imodzi nthawi imodzi, wasiya amene amagona kwina. Umabwera munthu akakhala m'chipinda china chake ndipo umachepa akatuluka. Palibe kutentha thupi. Malungo sachita choncho. Sasankha ogona pabalaza n'kusiya wa kugowelo, ndipo satha chifukwa wapita kudimba. Banja lija linasiya kulowetsa mbaula, linatsegula tizibowo tija, ana anawonjezeredwa chofunda, ndipo mutu wa m'mawa unatha popanda mankhwala.

Pano ndichenjeze, chifukwa sindikufuna wina akatseke maso pa matenda enieni. Mutu wobwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi kapena kukomoka, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo malungo ayezedwe. Mayi woyembekezera amene mutu ukumupweteka kwambiri, maso akuona mwachimbuuzi, nkhope ndi manja zatupa, ameneyo asataye nthawi ndi kuloza mbaula, akayezetse kuthamanga kwa magazi msanga. Komanso munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, malungo ndi mpweya woipa womwe.

Mukapeza munthu wafooka kapena sakudzuka m'chipinda momwe muli makala, choyamba n'kutsegula chitseko ndi mazenera onse, n'kumutulutsira panja mwachangu, inu osachedwamo. Tulutsani aliyense, ngakhale amene akuti ali bwino. Wokomoka mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, ndipo musamuthire mkaka, thobwa kapena madzi m'kamwa. Mkaka suchotsa mpweyawu m'magazi. Umachoka ndi kupuma basi, ndipo umachoka pang'onopang'ono. Pa mpweya wamba zimatenga maola 4 kapena 5 kuti theka lokha lichoke, pamene kuchipatala akamupatsa okisijeni theka limachoka pa ola limodzi ndi kanthu. N'chifukwa chake amene anakomoka, amene akuyankhula zosokonekera, akusanza, akumva kupweteka pamtima, mwana wakhanda ndiponso mayi wapakati, onsewa apite kuchipatala ngakhale aoneke kuti atsitsimuka. Mwana wa m'mimba amavutika kuposa mayi wake. Mukafika, nenani mawu awa momveka: tinagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Kunena kumeneku n'kofunika chifukwa kachipangizo kovala pachala koyezera okisijeni kamanamizidwa ndi mpweyawu, kamatha kuonetsa kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino. Ndipo ngati patapita masiku kapena milungu munthuyo ayamba kuiwalaiwala, kuyenda mwadzandidzandi kapena kusintha khalidwe, bwererani naye.

Ena amandifunsa kuti nanga tikasiyako zenera pang'ono? Yankho langa ndi lakuti pa kugona palibe kukambirana. Mphepo imasintha usiku, wina amadzuka n'kutseka chifukwa cha kuzizira, ndipo ogona sangamve chizindikiro chilichonse. Otherani pakhonde kapena m'khitchini yotseguka, mukafuna kugona makala athireni madzi kapena asiyeni panja patali ndi chitseko. Izi zikukhudzanso chikuta. Agogo ndi apongozi amayatsira moto mayi wongobereka kumene mwachikondi, koma khanda limafunda bwino likakhudzana thupi ndi mayi wake, litavala chipewa, onse atafundidwa. Alonda ogona m'tizipinda ta pageti ndi kambaula pakati pa miyendo, ndiponso eni mashopu ndi mavidiyosho amene amalizira jenereta m'kati kuopa akuba, ali pa ngozi yomweyo. Jenereta ndi njinga yamoto yolira malo ake ndi panja, kutali ndi zenera.

Mutu wina ndi wa kukhitchini masana, ndipo umenewu amayi ambiri anauzolowera mpaka amauona ngati gawo la kuphika. Khitchini zambiri za m'midzi mwathu ndi zazifupi, za chitseko chimodzi, zopanda zenera, tsindwi lakuda bii ndi mwaye. Mayi amawerama pamafuwa kupemerera moto, mwana ali kumsana, nkhope zonse ziwiri zili mu utsi. M'dzinja zimanyanya chifukwa nkhuni zimakhala zonyowa, ndipo tikakolola timasonkhezera zitsononkho ndi mapesi, zomwe zimafuka kwambiri. Mutu wake umayamba mphika uli pamoto, pamodzi ndi maso ofiira, misozi ndi kukhosi kokanda, n'kumachepa akakhala pamthunzi panja. Mu utsi umenewu mulinso kaboni monokisaidi yemweyo pamodzi ndi tinthu ting'onoting'ono tolowa mpaka m'mapapo, ndiye mutuwo ndi chenjezo chabe la zimene chifuwa chikulandira chaka ndi chaka.

Kukonza khitchini sikulira ndalama zambiri. Utsi wotentha umakwera, choncho umafuna potulukira pamwamba, ndipo sungatuluke bwino ngati mpweya wina sukulowa m'munsi. Chotsani njerwa zingapo pamwamba pa khoma, pansi pa denga, mbali imene ili pafupi ndi moto, makamaka khoma loyang'anana ndi chitseko kuti mpweya uzidutsa. Pomanga khitchini yatsopano siyani mpata wa chikhatho pakati pa khoma ndi denga kuzungulira. Mukatero yesani: yatsani moto, imani pakhomo, onani kumene utsi ukupita. Ukamayenda n'kutuluka pamwamba, zatheka. Ukamangoti tayale pamsinkhu wa mutu wa munthu wokhala pansi, bowo lachepa kapena lili m'munsi kwambiri. Zenera lotsika, lofanana ndi moto, nthawi zina limangokankhira utsi kumaso kwa wophika.

Nkhuni ziwazeni zikhale zing'onozing'ono ndipo ziumitseni pa sanja kapena pakhonde mvula isanayambe. Moto wa lawi loyera wa nkhuni ziwiri kapena zitatu umaphika msanga kuposa mulu wa zikuni zofuka. Majumbo, zidutswa za mapulasitiki ndi matayala musayatsire moto. Fungo lake lokha limapweteketsa mutu, ndipo utsi wake ndi woipa kuposa wa nkhuni. Chitetezo mbaula, ija youmba ndi dothi, ndimailimbikitsa chifukwa imadya nkhuni zochepa ndipo imanyamulika, mukhoza kuphikira panja kapena pakhonde kunja kukacha bwino. Koma musaitenge ngati mankhwala. Ilibe chumuni, ndiye m'khitchini yotsekeka utsi wake umatsalira momwemo. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi Karonga, pogwiritsa ntchito mbaula zamakono zoyaka bwino kuposa zathuzi, anapeza kuti chibayo pakati pa ana osakwana zaka 5 sichinachepe chifukwa chongosintha mbaula. Potulukira utsi ndi kumene mwana amakhala nthawi yophika zimafunikabe.

Mwanayo mutsitseni kumsana, mumsiyire mkulu wake kapena agogo ake panja pamene mukukoleza moto, chifukwa nthawi yokoleza ndi imene utsi umachuluka. Nyemba ndi zina zochedwa kupsa zivundikireni, muzizisuzumira n'kutuluka m'malo mokhala pambali pa mphika, ndipo mukaziviika m'madzi usiku zimafupikitsa maola a pamoto. Mukachita zonsezi kwa sabata imodzi kapena ziwiri mutu n'kumapitirirabe, kaonaneni ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani kuchipatala akayeze magazi, kuthamanga kwake ndiponso maso.