Momwe mungachotsere "mwina" ndi "kapena" mu uthenga wopempha thandizo madzi akasefukira

Madzi a Shire, Ruo kapena Mwanza akalowa m'midzi, nkhani imayenda m'makwerero: mlembi wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amauza wapampando wa komiti ya dera, ndipo iyeyo amatumiza ku ofesi ya bwanamkubwa ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Pa masiku ngati a namondwe wa Ana mu Januwale 2022 kapena Freddy mu Malichi 2023, foni ya wapampandoyo imalira osapuma. Iye amayamba ndi uthenga umene angautumize kutsogolo osafunsanso funso. Uthenga wodzaza ndi "mwina" amauika pambali kuti adzaimbe foni, ndipo netiweki ikathawa, mudziwo umatsalira. Njira yokonzera uthenga wotere ndi iyi, ndipo titsata chitsanzo chimodzi chongopeka kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tiyerekeze kuti mlembi wa m'mudzi wina wa kufupi ndi Bangula walemba chonchi pa WhatsApp:

"Bambo wapampando mwadzuka bwanji. Pepani kukuvutitsani, ndimangofuna ndikudziwitseniko pang'ono chabe kuti kunoko zinthu zikuoneka ngati sizili bwino kwenikweni. Monga mukudziwa madzi aja, ndiye kuti akuti alowako m'nyumba zingapo ndithu, ndipo anthu ena mwina ali kusukulu. Ndiye timaganiza kuti kapena ngati nkotheka mukapeza mpata mutithandizeko ndi tizinthu tina ndi tina. Kaya mukuona bwanji. Pepani kwambiri."

Mlembiyu ndi waulemu ndipo sananame. Koma wapampando atawerenga sakudziwa kuti nyumba ndi zingati, anthu ali kuti, akufuna chiyani, ndiponso pofika liti.

Choyamba: nenani nkhaniyo m'chiganizo chimodzi musanagwire foni

Dzifunseni kuti wolandirayo akamaliza kuwerenga achite chiyani. Yankho lake mulinene pakamwa kwa mnzanu wa m'komiti: "Atumize matenti 5 ndi kolorini pofika mawa masana." Chiganizochi chikakukanikani, vuto si mawu ayi, koma kuti komiti sinagwirizane chimene ikufuna. Mawu ozengereza ambiri amabadwira pamenepa. Munthu amalemba "tizinthu tina ndi tina" chifukwa sanawerenge anthu, sanafunse a nyakwawa, ndipo akuopa kutchula chinthu chimene angadzamufunse nacho. Bwererani kaye mukawerenge.

Chachiwiri: chotsani mawu odzazira malo

Awa ndi osavuta. "Monga mukudziwa", "ndiye kuti", "kwenikweni", "kunena zoona", "tinene kuti", "basi", "eti". Polankhula amatipatsa mpata wopuma ndi kuganiza, koma polemba sanyamula kanthu. Phimbani mawuwo ndi chala n'kuwerenga chiganizocho: tanthauzo likapanda kusintha, fufutani.

Chachitatu: siyanitsani ulemu ndi kudzichepetsa kofooketsa nkhani

Apa m'pamene anthu ambiri amakakamira, ndipo ali ndi chifukwa. Kwathu kuno sungalembere wamkulu ngati ukulamula mwana. Koma taonani kumene ulemu umakhala. Uli m'mawu oitanira, "Bambo wapampando", "Mayi", "a mfumu". Uli mu "inu" ndi "-ni": "tithandizeni", "tiyankheni". Uli mu "chonde" ndi "tikupempha". Zonsezi zisiyeni, sizichotsa kanthu pa nkhani yanu.

Zochotsa ndi zimene zimachepetsa nkhaniyo. Mu uthenga wa mlembi uja muli zisanu zoterezi m'chiganizo chimodzi. "Ndimangofuna" ali ndi -ngo- amene akuti nkhaniyi ndi yaing'ono, komanso -ma- amene akuikankhira kumbuyo ngati kuti kufunako kunatha kale. "Ndikudziwitseniko" ali ndi -ko wochepetsa. Kenako "pang'ono", kenako "chabe". Munthu amene nyumba za kwawo zili m'madzi wanena kasanu kuti nkhani yake si yaikulu, ndipo wowerenga wotanganidwa amamukhulupirira.

-ko mmodzi pa pempho, ngati "mutithandizeko", amamveka bwino ndipo mukhoza kumusiya mukamalembera a gulupu kapena munthu wachikulire. Koma asakhale pa zimene zachitika. "Madzi alowako m'nyumba" akutanthauza kuti anyowetsa pakhomo. Ngati afika m'mawondo, lembani "alowa". "Pepani" nayenso akhale mmodzi, kapena asakhalepo. Kudziwitsa wapampando za madzi si kumuvutitsa, ndi ntchito imene komiti inakuikirani nonse awiri.

"Ngati nkotheka" ndi "mukapeza mpata" ndi oopsa kuposa onse, chifukwa amamupatsa wolandira chilolezo chozengereza. Pa tsiku la madzi mpata sapezeka. M'malo mwake ikani nthawi: "pofika mawa masana".

Chachinayi: "mwina" aliyense mumufunse kuti akubisa chiyani

Sikuti "mwina", "akuti" ndi "zikuoneka ngati" onse ndi oipa. Pali "mwina" wa mantha ndi "mwina" woona, ndipo amachiritsidwa mosiyana.

Wa mantha ndi uja mumaika pa chinthu chimene mwaona ndi maso anu. Mlembi wathu anapita kusukulu, anawapeza anthu atagona m'makalasi, komabe walemba kuti "mwina ali kusukulu" poopa kuoneka wodziwa zambiri. Ameneyu fufutani basi.

Woona ndi wa chinthu chimene simunathe kuchitsimikiza. Ameneyu musamufufute, chifukwa mukatero mwasandutsa mphekesera kukhala lipoti. Ofesi ikatumiza bwato kumene kulibe anthu, ulendo wina sadzakukhulupirirani, ndipo bwatolo likanapulumutsa ena. Chofunika ndi kumusandutsa chiganizo chonena zinthu zitatu: chimene simukudziwa, chifukwa chake, ndi nthawi imene mudzadziwe. M'malo mwa "mwina kutsidya nakonso kuli mavuto", lembani kuti "Nyumba za kutsidya kwa dambo sitinaziwerenge chifukwa madzi sakuoloketsa. Tiyesa ndi bwato mawa m'mawa." Kukayika kulipobe, koma tsopano wapampando akudziwa kumene kuli komanso kuti bwato likufunika.

"Akuti" mumufunse kuti akutero ndani. Ngati ndi a nyakwawa amene anayenda nyumba ndi nyumba, lembani "a nyakwawa awerenga". Ngati ndi zomva pamsika, nenani kuti "tamva koma sitinaone", kapena musalembe n'komwe.

Chachisanu: "zingapo" ndi "ambiri" asanduke nambala

"Nyumba zingapo ndithu" zikhoza kukhala 4 kapena 40, ndipo wogawa matenti sangagawe "zingapo". Werengani mabanja, anthu onse, ndipo ngati nthawi ilipo patulani ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, okalamba ndi aulumali, poti thandizo limayambira kwa iwowa. Mukalephera kupeza nambala yeniyeni, perekani malire: "pakati pa 60 ndi 70". Izi zikuposa "ambiri", komanso zikuposa nambala yopeka. Kukweza nambala kuti thandizo lichuluke kumaululika akabwera kudzalemba mayina, ndipo manyazi ake amagwera mudzi wonse.

Chimodzimodzi ndi nthawi ndi kukula kwa madzi. "Posachedwapa" akhale "usiku wathawu cha m'ma 2 koloko". "Madzi ambiri" akhale "afika m'chiuno pa mjigo", chifukwa aliyense wodziwa malowo aona m'maganizo mwake.

Chachisanu ndi chimodzi: nkhani yaikulu ikhale pamwamba

Uthenga wa WhatsApp usanatsegulidwe umangoonetsa mawu oyamba okha. Ngati mawuwo ndi "mwadzuka bwanji, pepani kukuvutitsani", ukufanana ndi moni wa tsiku lililonse. Itanani munthuyo ndi ulemu wake, kenako lowani m'nkhani pompo. Moni wautali mudzapatsana madzi akaphwa.

Uthenga uja utakonzedwa ukhala chonchi:

"Bambo wapampando, madzi a Shire alowa m'nyumba 14 m'mudzi mwathu usiku wathawu, ndipo 3 zagwa. Palibe wamwalira. Anthu 63 ali kusukulu ya pulayimale, mwa iwo ana osakwana zaka 5 alipo 11. Mjigo wamira, anthu akumwa madzi a m'dambo. Tikupempha matenti 5 ndi kolorini pofika mawa masana. Nyumba za kutsidya kwa dambo sitinaziwerenge chifukwa madzi sakuoloketsa. Tiyesa ndi bwato mawa m'mawa. Chonde tiyankheni lero."

Pamene pali "m'mudzi mwathu" inu muike dzina la mudzi ndi la gulupu, kuti uthengawo ukafika ku boma asafunsenso kuti wachokera kuti. Onaninso kuti uthenga wokonzedwawu sunafupike kuposa woyamba uja. Malo amene munali mawu ozengereza alowamo zinthu zoti munthu agwire nazo ntchito. "Kaya mukuona bwanji" wasanduka "chonde tiyankheni lero", ndipo ulemu sunachepe.

Intaneti ikavuta, SMS imadutsabe nthawi zambiri, koma imodzi imanyamula zilembo 160 zokha, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mukaikamo ŵ kapena tizithunzi ta nkhope, malirewo amatsika kufika pa 70 ndipo uthenga umagawika, choncho lembani w wamba. Chitsanzo chathu chimakwana chonchi: "Bambo wapampando, madzi alowa m'nyumba 14 usiku wathawu. Anthu 63 ali kusukulu. Tikupempha matenti 5 ndi kolorini pofika mawa masana. Chonde tiyankheni lero." Za mjigo ndi za kutsidya zipite mu SMS yachiwiri imene ikuyamba ndi dzina la mudzi.

Zimene zimalakwika podula

Ena akamva malangizowa amadula mpaka ulemu womwe, n'kulemba kuti "Tumizani matenti." Uthenga wotere umamukwiyitsa wamkulu, ndipo wokwiya safulumira. Ena amachotsa "mwina" n'kuikapo mawu okokomeza: "zinthu zavuta kwambiri zedi", "tatheratu". Amenewa ndi odzazira malo omwewo, angovala zina. Mudzi uliwonse ukulemba choncho tsiku limenelo, ndiye sakusiyanitsani ndi wina aliyense. "Nyumba 3 zagwa" amamveka kuposa "zoopsa kwambiri".

Musanatumize, muwerengereni mnzanu uthengawo kamodzi, kenako mumufunse mafunso anayi: chachitika n'chiyani, kwa anthu angati, tikupempha chiyani, pofika liti. Funso limene walephera kuyankha likukusonyezani pamene patsala mawu ozengereza.

Uthenga wa mawu pa WhatsApp ndi umene umadzaza kwambiri ndi "eee", "ujeni" ndi "ndiye kuti", chifukwa munthu amaganiza akulankhula. Umadyanso bandulo, umachedwa kutsika pamene netiweki ili yofooka, ndipo wapampando sangakopere nambala zake n'kuziika mu lipoti lake. Ngati kulankhula n'kumene mukukutha, kapena wolandirayo amamva bwino Chisena cholankhula kuposa Chichewa cholemba, lembani kaye mayankho a mafunso anayi aja papepala, muwawerenge momwe alili, ndipo nambala iliyonse muitchule kawiri.