Momwe mungalembere dongosolo la phunziro la kupewa matenda a shuga m'komboni

Ophunzira unamwino ambiri muno mu Lusaka akapatsidwa ntchito iyi amadzaza mapepala ndi zonse zokhudza shuga, mpaka za kapamba ndi insulini. Koma aphunzitsi akufuna kuona phunziro loti mungaliperekedi kwa anthu 25 okhala pa mabenchi kunja kwa kiliniki, m'mphindi 30 zokha.

Yambani ndi kusankha gulu limodzi. Tiyerekeze kuti ndi azimayi ogulitsa pamsika ku Chawama, a zaka 35 kupita m'mwamba. Pamwamba pa pepala lembani mutu, gululo, malo, tsiku, nthawi ndi chilankhulo. Tsikulo mugwirizane ndi a komiti ya zaumoyo ya m'deralo, ndipo musaike m'mawa kwambiri chifukwa azimayiwo amakhala ali ku msika wa Soweto kukaoda katundu.

Pamene ambiri amagwa ndi pa zolinga. Wina amalemba kuti "anthu amvetse matenda a shuga". Nanga mudzadziwa bwanji kuti amvetsa? Cholinga chiyenera kukhala chinthu choti munthu achite inu mukuona kapena mukumva. Lembani zitatu basi: pakutha pa phunziro, azimayiwo atchule zinthu zinayi zimene zimaika munthu pachiopsezo, agawe chakudya pa mbale moyenera, ndiponso atchule zizindikiro zitatu zofunika kupita nazo ku kiliniki. Tsopano cholinga chilichonse chikhale ndi mzere wake pa tebulo lanu, wokhala ndi nthawi, zoti munene, njira yophunzitsira, zipangizo ndi funso loyesera. Funsolo lifanane ndi cholingacho. Ngati mwalemba kuti "agawe chakudya", kuyesa kwake ndi kupatsa mayi mmodzi mbale kuti agawe anzake akuona. Kufunsa kuti "tamvana?" sikuyesa kanthu, onse adzangoti "inde, anasi" mwaulemu.

Mphindi 3 zoyamba ndi za moni ndi kufunsa amene ali ndi wachibale wodwala shuga. Mphindi 7 zotsatira ndi za chiopsezo cha shuga wa mtundu wachiwiri, poti ndi amene amapeweka: kunenepa makamaka pamimba, kukhala pansi tsiku lonse, kukula msinkhu, kholo kapena m'bale wodwala, ndi shuga amene anaoneka mayi ali woyembekezera. Tengani tepi ya atelala. Yezani pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, munthu atatulutsa mpweya. Kupitirira masentimita 80 kwa mayi, kapena 94 kwa bambo, ndi chenjezo. Yezani wodzipereka yekha, ndipo nambala yake musailengeze.

Chakudya chipatseni mphindi 12. Bwerani ndi botolo lopanda kanthu la chakumwa chotsekemera la mamililita 500, shuga, supuni yaing'ono ndi kapu yoonekera mkati. Werengani pa botolo kuchuluka kwa shuga: ngati ndi magalamu 10.6 pa mamililita 100, botolo lonse lili ndi magalamu 53. Supuni imodzi ndi pafupifupi magalamu 4, choncho thirani masupuni 13 m'kapu, gulu likuwerenga mokweza. Malire a tsiku lonse kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi masupuni 12, ndiye botolo limodzi ladutsa kale, tisanawerenge tiyi wa m'mawa ndi maheu. Musanene kuti nsima aileke, adzasiya kukumverani pomwepo. Onetsani mbale: theka likhale chibwabwa, kalembula kapena repu, gawo limodzi mwa anayi nyemba, kapenta kapena mazira, lotsalalo nsima ya kukula ngati nkhonya yake. Ufa wa rola umaposa wa bulekifasi pa gaga, ndipo nthawi zambiri ndi wotchipirako, mfundo imene ogulitsa pamsika amaigwira msanga.

Wina adzafunsa za ufa wa zitsamba umene amagulitsa m'mabasi kuti umatheratu shuga. Konzekerani yankho: palibe ufa wochiritsa shuga, ndipo amene ali pa mankhwala asawaleke. Ngati mukufuna kuyeza magazi, chitani ndi namwino wa pa kiliniki. Timapepala toyezera togula kwa oyendayenda nthawi zina timakhala todutsa masiku kapena tokhalitsa padzuwa, ndipo timanama.

Mphindi 4 zikwana za kuyenda ndi zizindikiro. Kuyenda mwandawala mphindi 150 pa sabata, kapena 30 kwa masiku 5. Zizindikiro ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuonda popanda chifukwa, bala losapola. Muwauzenso kuti ambiri samva chilichonse kwa zaka, ndipo munthu amene shuga wa m'magazi mwake wafika 7.0 mmol/L kapena kupitirira asanadye amafunika kuyezedwanso ku kiliniki.

Mphindi 4 zomaliza funsani mafunso anu atatu aja, mulembe kuti ayankha bwino ndi angati, mulengeze masiku oyezera ku kiliniki. Pansi pa pepala siyani malo olembapo zimene mudzasinthe ulendo wina.