Khadi lakakamira pati pa bolodi la kanibani?

Funso: Bolodi lathu la kanibani, pomwe khadi lililonse limaimira ntchito imodzi, ladzaza makhadi. Ndingazindikire bwanji msanga ntchito zimene zaima?

Yankho: Yambani kuwerenga kudzanja lamanja, kumene ntchito imathera, muzibwerera kumanzere. Pamzati uliwonse werengani makhadi, muyerekeze ndi malire olembedwa pamwamba. Ngati mzati wa `Review`, wowunikira ntchito, uli ndi malire 3, muli makhadi 3, ndipo kumanzere kwake kwaunjikana 5 omalizidwa, vuto lili pa `Review`, osati pa amene akudikirawo. Owunika ndiwo achepa.

Kenako onani masiku amene khadi lakhala pamalo amodzi. Ngati ambiri amadutsa m'masiku 2 koma lina latha 6, laima, ngakhale palibe waika chizindikiro chofiira. Anthu amachedwa kuvomera zimenezi. Funsani mwini khadi chimene akudikira, chilembedwe pakhadipo.