Momwe mungasankhire mahashitagi ndi mawu a kapishoni kuti ofufuza aipeze vidiyo yanu

Vidiyo yaifupi imafika kwa munthu m'njira ziwiri. Mwina imangomutulukira pa For You ya TikTok akuseweretsa foni, kapena iye mwini walemba zomwe akufuna pamalo ofufuzira. Ngati muli ndi bizinesi, wachiwiriyu ndiye wanu, chifukwa amabwera ndi ndalama kale m'maganizo. Ine ndimasoka zovala ku Area 25, choncho chitsanzo changa ndi vidiyo ya diresi la chinkhoswe pa TikTok. Ophika makeke ndi ogulitsa kaunjika ku Tsoka angosinthapo mawu.

Yambani ndi kufufuza ngati kasitomala. Musanaposite, tsegulani malo ofufuzira, lembani chinkhoswe, koma musadine chilichonse. Pansi pake patuluka mawu omwe anthu ena amalemba, ndipo amenewo muwakopere. Yesaninso chitenje, kenako tailor Lilongwe. Muona msanga kuti anthu athu amasakaniza zilankhulo: salemba "diresi lovala pa chinkhoswe", amalemba chinkhoswe dress kapena chinkhoswe outfits. Musalimbane nawo, kapishoni si mayeso a Chichewa. Mukatsegula zotsatira, yang'ananinso pomwe palembedwa Others searched for. Palinso Creator Search Insights, yomwe imaonetsa zomwe anthu akufufuza pa TikTok ndipo imatseguka mukalemba dzina lakelo pamalo ofufuzira omwewo, koma ine imandipatsa kwambiri zofuna za anthu akunja. Ntchito yofufuzayi imadya bandulo chifukwa mavidiyo amayamba kusewera okha, ndiye ichiteni kamodzi pomwe mwapeza intaneti yotchipa, mawuwo muwasunge mufoni.

Tsopano gawo lomwe ambiri amalidumpha, ndipo ine ndi lomwe linandipweteka: liwu lililonse lomwe mwasankha mulitsegule, muone kuti limapita kwa ndani. Nsalu yomwe ife timati chitenje, ku Zambia amalemba chitenge, ku Kenya ndi ku Tanzania kitenge, pomwe ku Nigeria amati ankara. Vidiyo yanga ina inali ndi #ankara, #kitenge ndi #africanfashion. Inawonedwa kuposa mavidiyo anga onse, ndemanga zili mbwee, koma foni ya pashopu inali zii. Nditatsegula Analytics ya vidiyoyo, komwe kumakhala ziwerengero zake, pagawo la owonera pomwe pamaonetsa mayiko, Malawi anali pansi. Ofunsa mtengo amafunsa mu naira ndi mashilingi. Choipa china n'chakuti makina a TikTok akaona kuti anthu amtundu wina akonda vidiyo yanu, amapitiriza kuitumiza kwa ofanana nawo, ndiye mavidiyo anga otsatira anakhala nthawi asanabwerere kwa anthu a kuno.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Dinani hashitagiyo, onani mavidiyo khumi apamwamba. Akulankhula chilankhulo chanji? Mitengo akuitchula mu ndalama yanji? Nambala zafoni zikuyamba ndi +265, 088 kapena 099? Ngati mwa khumiwo mulibe wa ku Malawi, hashitagiyo si yanu, ngakhale ikhale ndi mavidiyo mamiliyoni. Kuchuluka kwa mavidiyo pansi pa hashitagi kumangotanthauza kuchuluka kwa opikisana nanu. Samalaninso ndi zidule. Ife tikalemba LL timadziwa kuti ndi Lilongwe, koma dziko lonse limagwiritsa zilembo ziwirizo pa zinthu zina zambirimbiri. Lembani #lilongwe yathunthu.

Mukatsala ndi mawu oyenera, lembani kapishoni. Mzere woyamba ndiye wofunika, chifukwa zotsalazo zimabisika mpaka munthu adine kuti aone zambiri. Mzerewo unene zinthu zitatu: chinthucho n'chiyani, ndi cha mwambo wanji, chikupezeka kuti. Zoti "Mulungu ndi wabwino" kapena "ntchito ya manja anga" ziikeni kumapeto ngati mtima ukufuna, palibe amene amafufuza zimenezo. Ya diresi lija ndinailemba chonchi:

```
Chinkhoswe dress ya chitenje, yosokedwa ku Area 25, Lilongwe.
Timasokanso national wear ndi zovala za aperekezi.
#chinkhoswe #chitenje #lilongwe #area25 #malawitiktok
```

Mahashitagi asanu akukwana: awiri a chinthucho, awiri a malo, imodzi yotakata ya dziko. Onani kalembedwe ka #area25. Hashitagi imathera pomwe pali mpata, choncho mukalemba #area 25 mwangopanga #area, yomwe sikuthandizani kanthu. Kachizindikiro komwe timaika m'mawu ngati m'tauni kapena ng'oma nakonso kamadula hashitagi, imatsala #m kapena #ng basi. Mu hashitagi kachotseni, koma m'chiganizo cha kapishoni kasiyeni. Ndipo ngakhale mumakonda kulemba Malaŵi ndi kachipewa pa w, pa hashitagi lembani w wamba, poti ndi yemwe aliyense ali naye pafupi pafoni.

Nanga #fyp, #viral ndi #trending? Sizinena kalikonse za diresi lanu. Kuika zimenezo kuli ngati kulemba "Shopu" pachikwangwani cha shopu yanu pa Bwalo la Njobvu. Apa ndichenjezenso za anyamata omwe amatsatsa m'magulu a WhatsApp kuti akugulitsa mndandanda wa "mahashitagi achinsinsi" kapena otsatira chikwi pamtengo wa bandulo ya mwezi. Mndandandawo ndi #fyp yomweyo ndi abale ake. Otsatirawo ndi maakaunti abodza omwe saonera vidiyo mpaka kumapeto, ndipo sadzasoketsa ngakhale siketi. Wina akapempha nambala yachinsinsi ya akaunti yanu kuti "aikonze", dziwani kuti akauntiyo yapita.

Mawu omwewo alembeninso pavidiyo penipenipo, m'masekondi oyambirira, pogwiritsa ntchito batani la Text. TikTok imawerenga zolembedwa pavidiyo komanso imamvera zolankhulidwa, koma Chichewa cholankhula sichigwira bwino. Mukadalira pakamwa pokha, mawu anu ofunika atayika. Ine ndimangoika "Chinkhoswe dress, Lilongwe" chapamwamba, kutali ndi m'munsi ndi kumanja komwe kumaphimbidwa ndi mabatani. Dzina la akaunti nalonso limafufuzidwa, ndiye ngati mulibe liwu loti tailor kapena Lilongwe, liwonjezereni.

Mukaposita, dikirani masiku angapo, chifukwa ofufuza amabwera pang'onopang'ono. Kenako tsegulani Analytics ya vidiyoyo muone Traffic sources, pomwe pamaonetsa njira zomwe anthu aipezera. Ngati pali gawo la Search, mawu anu agwira, ndipo pamavidiyo omwe afufuzidwa mokwanira pamaonekanso mawu enieni omwe anthu analemba. Mawu amenewo ndiwo kapishoni ya vidiyo yotsatira. Kufufuza pafoni yanu kumanyenga chifukwa imakudziwani kale, bwerekani ya mnzanu yemwe sakutsatirani mulembe chinkhoswe dress Lilongwe muone ngati mutuluke.

Za Instagram, Facebook ndi YouTube sinditalikitsa. Kapishoni yomweyo imagwira, mahashitagi atatu mpaka asanu. Pa YouTube Shorts mawu ofunikawo alowe pamutu wa vidiyo. Pa Facebook anthu a mu Lilongwe amafufuza kwambiri m'magulu ogulitsirana ndi pa Marketplace, choncho dzina la dera lisasowe, ndipo vidiyo muikweze kuchokera mufoni, osati yokopera ku TikTok yokhala ndi chidindo chawo. Nyengo ikasintha sinthani liwu la mwambo lokha: chinkhoswe, bridal shower, graduation, zinazo zikhale momwemo.