Momwe mungachajire foni ku Malawi ndi chaja ya kuno kwathu osapsereza adaputa

Mukangodutsa pa Kalomwe kulowa Dedza, kapena pa Zobwe kulowa Mwanza, masoketi apakhoma asintha basi. Kuno kwathu ku Mozambiki ndi a mabowo awiri ozungulira, ku Malawi ndi a mabowo atatu amakona. Koma magetsi ake ndi omwewo, ife mavoti 220 iwo 230, kusiyana kochepa chonchi foni kaya ayironi sizidandaula ayi. Ndiye wina akamakukakamizani thiransifoma ati poti mukupita kunja, mukaneni, chofunika ndi adaputa yokha.

Yambani ndi kutembenuza chaja yanu muwerenge timalemba tating'ono tija. Mukaona 100-240V ndiye kuti chajayo imagwira dziko lililonse. Machaja a foni ndi a laputopu pafupifupi onse ndi otero. Chenjerani ndi katundu wochokera ku Amerika, makina ometera kapena choumitsira tsitsi cholembedwa 120V yokha, chimenecho adaputa sichithandiza, chimapsa ngakhale kuno ku Ulongwe komwe.

Tsopano kusankha adaputa, apa ndiye ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene panandivuta. Ndinagula pa boda kwa mnyamata wina woyenda nazo m'manja, yoyera bwino, yolembedwa 13A, mtengo wake theka la ya m'shopu ya zamagetsi. Pa foni inkagwira bwinobwino. Tsiku lomwe ndinalumikizapo ayironi ku resitihausi ku Blantyre, ndisanamalize shati ndinamva fungo la pulasitiki, kutulutsa ndiye bowo limodzi lada lasungunuka ndipo mwendo wa pulagi wotentha wosagwirika.

Chimachitika ndi ichi. Chaja ya foni ya mawati 20 imakoka magetsi ochepa kwambiri, osafika ngakhale theka la ampu imodzi. Ayironi ya mawati 2000 mukagawa ndi mavoti 230 mupeza maampu pafupifupi 9, ndipo onsewo akudutsa pa tizitsulo tiwiri tamkati mwa adaputa timene timapana miyendo ya pulagi. Tizitsuloto tikakhala topyapyala kapena tolekera, magetsi amadutsa pa malo ochepetsetsa, pamatentha, tikatentha timalekeranso kwambiri, mapeto ake pulasitiki kusungunuka. Zolembedwa pamwamba zija musazikhulupirire kwambiri, kulemba 13A aliyense atha kulemba.

Ndiye pitani ndi pulagi yanu pogula, muilowetse pomwepo wogulitsa akuona. Izilowa molimba, ndipo mukaizondotsa n'kuigwedeza isagwe. Onaninso ngati pali kachitseko ka fyuzi pafupi ndi miyendo yake, mapulagi a mtundu wa ku Malawi amayenera kukhala ndi fyuzi ndipo adaputa yopanda fyuzi nthawi zambiri ndi ya anthu omwe anachepetsa ndalama pena paliponse. Wogulitsa akakana kuti muyese msiyeni, mametikali anu ndi omwe akupita. Mukafika uko n'kuilumikiza, patapita mphindi zochepa igwireni, kufunda pang'ono si vuto koma ikamawotcha chala kapena kulira kuti tsetsetse, zimitsani pa switchi ya soketi muitulutse.

Pali njira yachidule ija ambiri amachita, kutokosa bowo lapamwamba ndi kamtengo kapena chivindikiro cha cholembera kuti mabowo apansi atseguke kenako n'kukankhiramo chaja ya miyendo iwiri. Imalowa inde, koma mabowo a soketi ya ku Malawi ndi otalikirana pang'ono kuposa miyendo ya chaja yathu, ndiye mukuikhotetsa ndipo sigwira bwino mkatimo. Pulagi yonenepa yozungulira ya ayironi kapena ketulo musayese n'komwe, muswa soketi ya eni ake. Komanso pulagi imeneyo waya wake woteteza kuti chitsulo chisakugwireni shoko umathera pa tizitsulo tam'mbali, ndipo maadaputa ambiri otchipa satikhudza n'komwe.

Ngati mumapita pafupipafupi, chabwino ndi ichi: tengani ekisitenshoni yabwino ya kuno, dulani pulagi yake muikepo ya ku Malawi ya fyuzi ya 13A. Waya wabulawuni kumanja kuli fyuzi, wabuluu kumanzere, wobiriwira ndi chikasu pa mwendo wautali wapamwamba, mangani zolimba. Zonse za kuno zizilowa mmenemo, bola osaphatikiza ketulo ndi ayironi nthawi imodzi chifukwa malire ake ndi mawati pafupifupi 3000.

Ku Zambia ndi ku Zimbabwe ekisitenshoni yomweyi imagwira malo ambiri. Ku Joni ndi za miyendo itatu yozungulira ikuluikulu, adaputa yake mukagule komweko. Pawa banki ichajeni musananyamuke.